Sefa ya Eratositene: chifukwa chake ntchito imathera pa 7

Funsani munthu ngati pali nambala yomwe ingalowe mu 91 osatsala kanthu, kupatulapo 1 ndi 91 mwini wakeyo. Ambiri amayesa 2 n'kuona kuti sizikutheka. Amayesa 3, amayesa 5, kenako amapukusa mutu n'kunena kuti palibe. Komatu ilipo. 7 amalowa mu 91 ka 13 ndendende, pakuti 7 × 13 = 91. Nambala imeneyi imapusitsa anthu chifukwa pa tebulo lochulukitsira lomwe tinaloweza ku pulayimale, lija lothera pa 12, 91 sapezekapo. Maso akapanda kuizindikira nambala, mutu umafulumira kugamula kuti ndi yosagawika.

Pali njira yakale kwambiri yomwe sidalira maso kapena kuloweza. Imafuna pepala, pensulo ndi kudziwa kuwerenga modumphadumpha basi. Mukaitsata bwino imakupatsani manambala onse osagawika kuyambira pa 2 mpaka 100, osaphonya ngakhale imodzi, ndipo 91 uja amagwidwa nthawi yake ikakwana. Chomwe chimadabwitsa ophunzira ambiri n'chakuti ntchitoyo imatha msanga. Mumasefa ndi 2, ndi 3, ndi 5, ndi 7, ndiye kwatha. Mwana wanzeru amafunsa pomwepo kuti, nanga 11? Nanga 13, 17 ndi enawo? Tadziwa bwanji kuti palibe nambala yogawika yomwe yatizembera? Funso limeneli ndi lofunika kuposa mndandanda weniweniwo, ndipo yankho lake munthu aliyense wodziwa kuchulukitsa angathe kulimvetsa.

Tiyambe tagwirizana pa zomwe tikufunazo. Tengani zitsekerero za mabotolo 12 muziyale m'mizere yofanana kutalika. Mukhoza kupanga mizere iwiri ya zisanu ndi chimodzi, kapena mizere itatu ya zinayizinayi. Tsopano onjezerani chimodzi zikhale 13. Yesani mizere iwiri, chitsala chimodzi. Mizere itatu, chitsalanso chimodzi. Mizere inayi, isanu, isanu ndi umodzi, nthawi zonse pali zotsala. Njira yokhayo ndi kuziyala zonse mumzere umodzi wautali, kapena kuika chimodzichimodzi pachokha. Nambala ngati 13, yomwe mumalowa 1 ndi iyo yokha basi, ndiyo nambala yosagawika, ija ana asukulu amaitchula kuti pulayimu. Nambala ngati 12, yomwe mumalowanso ena, ndi yogawika.

Manambala osagawikawa ndi amene amamanga ena onse. 12 ndi 2 × 2 × 3. 90 ndi 2 × 3 × 3 × 5. Nambala iliyonse yogawika mukaiphwanya n'kumaphwanyabe zidutswa zake, mumafika pa manambala osagawika, ndipo ngakhale muyambire mbali iti mumafika pa omwewo. Sungani mfundo imeneyi, tiifuna kutsogoloku.

Njira yosefayi imadziwika ndi dzina la Eratositene, Mgiriki wobadwira ku Kurene cha m'ma 276 Yesu asanabadwe. Kurene ameneyu ndi mzinda womwe uja kunachokera Simoni wosenza mtanda, ndipo mabwinja ake ali m'dziko la Libiya lero. Eratositene anakhala mkulu woyang'anira nyumba yotchuka ya mabuku ku Alesandiriya, ku Iguputo, ndipo ndi yemwe uja anayerekeza kukula kwa dziko lapansi poyeza mthunzi wa dzuwa. Zomwe iye analemba za sefayi sizinatipeze. Timaidziwa kudzera mwa Nikomakasi wa ku Gerasa, amene anaifotokoza m'buku lake la masamu cha m'ma 100 Yesu atabadwa, n'kunena kuti mwini wake ndi Eratositene. Dzina loti sefa likuyenera ndithu. Monga mayi amasefera ufa, misere n'kutsala pamwamba, pano timathira manambala onse pamodzi ndipo sefa iliyonse imagwira ake, odutsa onsewo ndiwo tikufuna.

Pepala ndi pensulo

Jambulani timabokosi 100, mizere khumi ya timabokosi khumikhumi. Mzere woyamba lembani 1 mpaka 10, wachiwiri 11 mpaka 20, mpaka wotsiriza 91 mpaka 100. Pepala la m'kope la masamu, lija la timabokosi kale, limachepetsa ntchito.

Choyamba khwatchani 1. Ambiri amadandaula pamenepa, amati mu 1 mumalowa iye yekha, ndiye walakwanji? Akatswiri a masamu anagwirizana zomuika pambali pa chifukwa chomveka. Tikamulola kukhala m'gululi, 6 akhoza kukhala 2 × 3, kapena 1 × 2 × 3, kapena 1 × 1 × 2 × 3, osatha, ndipo mfundo ija yoti nambala iliyonse imaphwanyika njira imodzi yokha imasokonekera. Ngakhale sefayo imamukana. Mutati musefe ndi 1, mukhwatcha pepala lonse, popeza 1 amalowa paliponse. Choncho 1 sali m'gulu la osagawika, salinso m'gulu la ogawika. Tatsala ndi manambala 99.

Nambala yoyamba yosakhwatchidwa ndi 2. Izungulizeni, ndi yosagawika. Tsopano yendani modumpha ziwiriziwiri n'kumakhwatcha: 4, 6, 8, 10, mpaka 100. Iye 2 mwini wake musamukhwatche, mukukhwatcha okhawo amene iye amalowamo. Mukamaliza muona kuti mizere isanu yotsika yadetsedwa yonse, ija ya manambala othera ndi 2, 4, 6, 8 ndi 0, kupatula kabokosi ka 2 komwe mwazunguliza. Sefa imodzi yokhayi yachotsa manambala 49. Atsala 50.

Pitani pa nambala yotsatira yomwe sinakhwatchidwe. Ndi 3. Izungulizeni, ndipo yendani modumpha zitatuzitatu. Mufika pa 6, mupeza 2 anadutsapo kale. Mufika pa 9, ameneyu ndi watsopano, khwatchani. 12 ndi wakale, 15 watsopano, 18 wakale, 21 watsopano. Atsopano onse ndi awa: 9, 15, 21, 27, 33, 39, 45, 51, 57, 63, 69, 75, 81, 87, 93 ndi 99. Alipo 16. Taonani kuti 51, 57 ndi 87, omwe amaoneka ngati osagawika ukangowayang'ana, agwera pompano: 51 ndi 3 × 17, 57 ndi 3 × 19, pomwe 87 ndi 3 × 29. Atsala 34.

Wotsatira akanakhala 4, koma ndi wokhwatchidwa, ndiye timulumpha. Sitikutaya kanthu pomulumpha. Paliponse pomwe 4 amalowa, 2 amalowanso, ndiye manambala onse a 4 anapita kale pa ulendo woyamba uja. Chimodzimodzinso 6, 8, 9 ndi 10 tikawafika: ntchito yawo inagwiridwa ndi 2 kapena 3.

Ndiye tafika pa 5. Zungulizani. Yendani zisanuzisanu: 10 wakale, 15 wakale, 20 wakale, ndipo woyamba watsopano ndi 25. Otsatira ndi 35, 55, 65, 85 ndi 95. Asanu ndi mmodzi okha. Atsala 28.

Kenako 7. Zungulizani n'kuyenda: 14, 21, 28, 35 ndi 42 onse ndi okhwatchidwa kale. Woyamba watsopano ndi 49. Mupitirire 56, 63, 70, akale okhaokha, kenako 77 watsopano, 84 wakale, ndipo 91 watsopano. 98 ndi wakale. Atatu basi: 49, 77 ndi 91. Atsala 25.

Ikani pensulo pansi, mwamaliza. Onse otsalawo ndi osagawika: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29, 31, 37, 41, 43, 47, 53, 59, 61, 67, 71, 73, 79, 83, 89 ndi 97. Mukafuna kutsimikiza kuti simunaphonye, werengerani motere. Okhwatchidwa ndi 49, 16, 6 ndi 3, onse pamodzi 74. Onjezani osagawika 25 ndi 1 uja tinamuika pambali, zikwana 100.

Tisanafike pa funso lalikulu, pali kafunso kena kamene sitiyenera kukalumpha. Pamene tinazunguliza 5 kapena 7, tinadziwa bwanji kuti ndi osagawika? Tinadziwa chifukwa nambala ingagawidwe ndi yocheperapo pokha. Pofika pa 7, onse aang'ono kwa iye anali atayenda kale ulendo wawo, ndipo palibe amene anamupeza. Nambala iliyonse yoyamba yomwe mwaipeza ili yoyera, osefa am'mbuyo onse atadutsa, ndi yosagawika, ndipo simufunika kuiyesanso.

Bwanji osapitiriza ndi 11?

Amene sakukhulupirira ayese, ndipo ndi bwino kuti ayesedi. Yendani ndi 11: 22 anachotsedwa ndi 2, 33 ndi 3, 44 ndi 2, 55 ndi 5, 66 ndi 2, 77 ndi 7, 88 ndi 2, 99 ndi 3. Mwayenda pepala lonse osakhwatcha kanthu. Yesani 13: 26, 39, 52, 65, 78, 91. Onse akale. Mukhoza kupitiriza ndi 17, 19, 23 mpaka 47, maulendo 11 athunthu kuyambira pa 11 paja, koma pensulo sikhudza pepala. Kuyambira pa 53 ndiye palibe n'komwe koponda, chifukwa 53 kawiri ndi 106, kunja kwa pepala.

Kuyesa kwatisonyeza kuti zilidi choncho, koma sikunatiuze chifukwa chake, ndipo munthu wongodziwa kuti "timaleka pa 7" adzalakwitsa tsiku lomwe adzapatsidwe manambala mpaka 200. Chifukwacho chimaoneka bwino tikayang'ana momwe manambala olowa mu nambala ina amakhalira. Amayenda awiriawiri. Ngati 4 amalowa mu 100, ndiye kuti ali ndi mnzake amene akachulukitsana amapanga 100, ndipo mnzakeyo ndi 25. Tiyale onse a 100: 1 × 100, 2 × 50, 4 × 25, 5 × 20, 10 × 10. Onani kuti wakumanzere akamakula, wakumanja akuchepa. Pa 10 × 10 akumana. Mukapitirira pamenepo mupeza 20 × 5, 25 × 4, 50 × 2, omwe aja angosinthana malo. Palibe chatsopano kupitirira pa 10.

Tsopano tengani nambala iliyonse yogawika yosaposa 100. Popeza ndi yogawika, ilipo njira yoilembera ngati manambala awiri ochulukitsana, onse oposa 1. Kodi n'kutheka kuti awiri onsewo akhale oposa 10? Tiyese ang'onoang'ono zedi omwe angatheke, 11 ndi 11. Tikawachulukitsa tipeza 121, ndipo tadutsa kale 100. Ena aliwonse oposa 10 atipititsa kutali kuposa pamenepo. Ndiye sizingatheke. Pa awiriwo, mmodzi ayenera kukhala 10 kapena kucheperapo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Nambala iliyonse yogawika yomwe ili papepala lathu ili ndi wina wamng'ono woilowa, wa pakati pa 2 ndi 10. Wamng'onoyo akakhala 2, 3, 5 kapena 7, ndiye kuti inakhwatchidwa pa ulendo wake. Akakhala 4, 6, 8 kapena 10, ndiye kuti 2 amalowamonso, inakhwatchidwa pa ulendo woyamba. Akakhala 9, 3 amalowamo. Palibe njira ina yotsala. Nambala yogawika yomwe ingadutse sefa zinayi zonsezi pansi pa 100 kulibe, ndipo sitikunena kuti sitinaipeze chabe, tikunena kuti singakhaleko.

Ena amasokonezeka poganiza kuti tikunena kuti manambala aakulu ngati 47 salowa paliponse. Amalowa ndithu: 94 ndi 2 × 47. Koma kuti 94 achoke, sipafunika kudikira 47, chifukwa mnzake wa 47 pamenepo ndi 2, ndipo 2 anafika kalekale. Nambala yogawika imagwidwa ndi wamng'ono kwambiri mwa osagawika amene amailowa. Wamkulu akamafika amapeza ntchito itagwiridwa. Ndi mmene zinakhalira ndi 77, yemwe anagwidwa ndi 7 pomwe 11 asanayambe n'komwe, ndi 91, yemwe anagwidwa ndi 7 osadikira 13.

Pali chizindikiro china chomwe mwina mwachiona kale poyenda muja. Watsopano woyamba wa 2 anali 4. Wa 3 anali 9. Wa 5 anali 25, wa 7 anali 49. Nthawi zonse ndi nambalayo itachulukitsidwa ndi iyo yomwe: 2 × 2, 3 × 3, 5 × 5, 7 × 7. Sizinangochitika mwangozi. Taganizirani za 7. Manambala ake oyamba ndi 7 × 2, 7 × 3, 7 × 4, 7 × 5 ndi 7 × 6. Aliyense mwa amenewa ali ndi mnzake wochepera 7, ndiye anachotsedwa ndi osefa am'mbuyo. Woyamba amene alibe wamng'ono womugwira ndi 7 × 7. Choncho munthu wozolowera sataya nthawi pa 14 kapena 21, amangoyambira pa 49.

Mukamvetsa zimenezi, kuleka msanga kuja kumadzifotokoza kokha. 11 ayenera kuyambira pa 11 × 11, ndiye kuti pa 121. Pepala lathu lathera pa 100. Poyambira pake pali kunja, ndiye alibe ntchito, ndipo onse obwera pambuyo pake poyambira pawo pali kutali koposa. Kuyambira mochedwa ndi kuleka msanga ndi mfundo imodzi yomweyo. Kwa ine, mphunzitsi amene wafikitsa ana pamenepa waphunzitsa masamu enieni. Amene wangowalembetsa manambala 25 aja kuti aloweze wawapatsa chinthu choti adzaiwala mayeso akatha.

Lamulo lake tingalinene chonchi. Musanayambe ulendo ndi nambala yatsopano, ichulukitseni ndi iyo yomwe. Yankho likakhala mkati mwa pepala, yendani. Likapitirira nambala yotsiriza, lekani, zonse zoyera ndi zosagawika.

Pomwe anthu amapunthwa

Cholakwa chofala kwambiri ndi kuwerenga timabokosi toyera tokha podumpha. Munthu wafika pa 5, ndipo m'malo mowerenga timabokosi tonse, akulumpha tokhwatchidwa. Pambuyo pa 5 toyera ndi 7, 11, 13, 17, 19. Akawerenga kachisanu afika pa 19 n'kukhwatcha nambala yosalakwa, pomwe 25 amusiya. Podumpha muyenera kuwerenga kabokosi kalikonse, kokhwatchidwa ndi koyera komwe. Njira yotetezeka ndi kuwonkhetsa m'mutu: 25, onjezani 5, onjezaninso 5.

Chomwe chimachititsa kuti cholakwachi chizike mizu n'chakuti pa 3 chimaoneka ngati chikuyenda. Mukachotsa a 2 okha, otsala pambuyo pa 3 ndi 5, 7, 9, ndipo wachitatu ndi 9, zoonadi. Kenako 11, 13, 15, wachitatu ndi 15, zoonanso. Zikutheka chifukwa otsalawo adakali otalikirana mofanana, ziwiriziwiri. A 3 akangochoka, mipata imasiyana, ndipo kuwerenga toyera tokha kumasocheretsa. Nikomakasi uja anafotokoza sefayi polemba manambala osagawika ndi 2 okhaokha, kuyambira pa 3, koma powerenga sankalumpha amene agwidwa kale. Mukhoza kutero nanunso ngati mukufuna kusunga pepala, bola mukumbukire kubwezera 2 pa mndandanda wotsiriza.

Cholakwa china ndi kukhwatcha wosefayo, makamaka 2. Anthu ena amakhala ndi maganizo oti nambala yosagawika iyenera kukhala yosagawika ndi 2, ndiye amachotsa 2 pamodzi ndi anzake. Komatu mu 2 mumalowa 1 ndi 2 basi. Ndi yekhayo pa gulu la 2, 4, 6, 8 amene ali wosagawika, ndipo ndi woyamba pa mndandanda.

Kutsetsereka poyenda ndi 7 kumachitikanso kawirikawiri, chifukwa papepala la mizere khumi 7 sayenda mowongoka. A 2 ndi a 5 amatsika mizere yowongoka, a 3 amatsetsereka mopingasa moti diso limawatsata, koma a 7 amamwazikana. Mukaphonya kamodzi, onse otsatira alakwika. Pofuna kudziyesa, onani ngati mwaponda pa 70 ndi pa 98. Mukapanda kupondapo, bwererani pa 49.

Mungadziwenso kuti china chalakwika poyang'ana zotsala. Kupatula 2 ndi 5, nambala iliyonse yoyera iyenera kuthera ndi 1, 3, 7 kapena 9. Mzere woyamba ukhale ndi zoyera zinayi, wachiwiri zinayinso, ndipo wotsiriza, wa 91 mpaka 100, ukhale ndi imodzi yokha, 97. Mukapeza ziwiri pamzere wotsirizawo, mosakayika 91 wakupulumukani. Mukawerenga zonse n'kupeza 26, yang'anani 91 kapena 1. Kuyambira pa 90 mpaka 96 pali manambala asanu ndi awiri otsatizana onse okhwatchidwa, ndipo umenewu ndiwo mpata wautali kwambiri papepala lonse.

Koma cholakwa choopsa ndi cha munthu amene waphunzira bwino pepala la 100 n'kutenga 2, 3, 5 ndi 7 ngati lamulo la nthawi zonse. Anayiwa amakwanira mpaka pa 120 basi. Mutawonjezera mizere iwiri pansi pa pepala lanu, sefa zomwezo zikupatsani 101, 103, 107, 109 ndi 113, zonse zolondola, ndipo 119 agwidwa ndi 7 popeza ndi 7 × 17. Koma kabokosi kotsatira, 121, kadutsa sefa zonse zinayi koyera, chonsecho ndi 11 × 11. Malire a poleka amasuntha pepala likakula.

Chosangalatsa n'chakuti amasuntha pang'onopang'ono kwambiri. Pofuna kusefa mpaka 1,000, funso ndi lomwe lija: ndi nambala iti yosagawika yotsiriza yomwe ikadzichulukitsa yokha sipitirira 1,000? 31 × 31 ndi 961, ili mkati. Wotsatira ndi 37, ndipo 37 × 37 ndi 1,369, kunja. Ndiye timaleka pa 31. Osefa ndi 11 okha, kuyambira 2 mpaka 31, ndipo amatisiyira manambala osagawika 168. Pepala lakula kakhumi, koma osefa achoka pa anayi kufika pa 11. Mukafuna kufika pa miliyoni imodzi, poleka ndi pa 1,000, chifukwa 1,000 × 1,000 ndi miliyoni. Osefa ndi 168 aja mwapeza kale, ndipo otsala amakhala 78,498. Sefa yaing'ono imapereka zida zosefera yaikulu. N'chifukwa chake njira ya zaka zoposa 2,000 imeneyi ikugwiritsidwabe ntchito pa makompyuta pofuna mndandanda wa manambala osagawika. Simukhalanso kugawa m'menemo, ndi kuwonkhetsa ndi kukhwatcha basi, ntchito yopepuka kwa makina ngakhalenso kwa mwana.

Ili ndi malire ake. Sefa imafuna kuti manambala onse alembedwe, kuyambira poyamba mpaka pomwe mukufuna kufika. Pa 100 ndi pepala limodzi, pa miliyoni ndi ntchito ya kompyuta, koma pa nambala ya madijiti mazana, ngati zomwe zimagwiritsidwa ntchito pobisa uthenga wa ndalama pa intaneti, palibe makina amene angasunge timabokosi tonseto. Kumeneko akatswiri ali ndi njira zina. Sefa sifikanso pa mapeto a manambala osagawika, chifukwa mapetowo kulibe. Yukilidi anasonyeza zimenezi cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, Eratositene asanabadwe n'komwe. Sefa imayankha funso limodzi lokha, loti ndi ati omwe alipo kufika pa malire amene mwasankha.

Ngati mukufuna kudziwa za nambala imodzi yokha, simufunika kujambula timabokosi, koma mfundo ya poleka ija imakuthandizanibe. Titenge 97. Sathera ndi 0, 2, 4, 6 kapena 8, ndiye 2 salowa. 3 amalowa ka 32 n'kutsala 1. Sathera ndi 0 kapena 5, ndiye 5 salowa. 7 amalowa ka 13, zomwe ndi 91, n'kutsala 6. Wotsatira ndi 11, koma 121 waposa 97, ndiye taleka. Mayeso anayi okha atikwanira kunena motsimikiza kuti 97 ndi wosagawika, m'malo moyesa manambala onse kuyambira 2 mpaka 96.

Amene muli ndi ana asukulu pakhomo, kapena muli ndi kalasi, apatseni pepala la timabokosi 200, mizere makumi awiri. Musawauze poleka. Asefe ndi 2, 3, 5 ndi 7 monga mwa masiku onse, kenako muwafunse ngati amaliza, ndipo afotokoze chifukwa chake. Akachulukitsa 11 × 11 n'kupeza 121, adzaona okha kuti 11 tsopano ali ndi ntchito, ndipo adzakhwatcha 121, 143 ndi 187. Akachulukitsa 13 × 13 adzapeza 169, kabokosi kamodzi kokha komwe 13 akachotse. Pa 17 × 17 adzapeza 289, kunja kwa pepala, ndipo pamenepo aike pensulo pansi. Akawerenga zoyera zonse azipeze 46.